Mlembi, musasiye ntchito yopanda mwini m'maminitsi

Kalabu ina ya ulimi wamthirira yomwe ndimaiyendera idakhala masabata atatu pampu ili chifere, chonsecho pamsonkhano anthu adagwirizana bwinobwino zoikonza. Nditapempha maminitsi, mlembi adanditumizira pa WhatsApp zomwe adalemba pafoni msonkhano uli mkati. Zinali chonchi:

"Tinayamba ndi pemphero 2 koloko anabwera 19 ena anapepesa, apampando anati pampu yafanso mmisiri akufuna K95,000 ena anati ndi zodula tifunse wina koma anati nthawi yatha aliyense asonkhe K5,000 anavomera pampu ikonzedwe, ngalande yatsekeka ndi mchenga tikumbe Loweruka, anadandaulanso mbuzi zikudya mbewu anati akauza amfumu, msungichuma anati m'thumba muli K38,000, za mbewu ya chimanga tidzaona, tinatseka ndi pemphero."

Mlembiyu sadalakwe polemba motere. Anthu akamalankhula mosinthana, winanso akudula mnzake mawu, palibe amene angakwanitse kusanja mitu pomwepo. Cholakwa chake chinali kutumiza ndimeyi poganiza kuti ntchito yatha. Ndime ngati iyi ili ngati chimanga chongokolola kumene, chisanatonoledwe n'kupetedwa. Kusanjako kuchitike tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, mukadakumbukira kuti adanena uje ndani.

Yambani mwasunga ndime yoyambayo osaikhudza, ndipo muzigwirira ntchito pa kope lake. Mukadzatsutsana, mudzabwerera ku zomwe mudalemba muli pamsonkhanopo. Kenako idukizeni: paliponse pomwe nkhani yasintha, yambani mzere watsopano. Ndime yathuyi ikutuluka nkhani zisanu: pampu, ngalande, mbuzi, ndalama za m'thumba ndi mbewu. Imeneyo ndiyo mitu yanu. Ngati msonkhano unali ndi ajenda, tsatani manambala ake, ngakhale anthu adakamba mosatsata ndondomekoyo. Pamwamba lembani dzina la gulu, tsiku, malo, nthawi, maina a omwe adabwera ndi a omwe adapepesa. "Ena anapepesa" n'kosakwanira. Kalabuyi ili ndi mamembala 24, ndiye osabwera anali asanu. Ndani mwa iwo adatumiza mawu, ndani adangojomba? Pomwe pali chindapusa cha ojomba, funso limeneli ndi la ndalama.

Ntchito yeniyeni ili pansi pa mutu uliwonse. Chiganizo chilichonse muchifunse kuti: kodi ichi changokambidwa, chagwirizanidwa, kapena ndi ntchito yoti wina akagwire? Zokambidwa zifupikitseni, mzere umodzi kapena iwiri, osatchula kuti adakwiya ndani. Zogwirizana zilembeni ndi manambala ake onse. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina la munthu mmodzi ndi tsiku.

Apa ndi pomwe Chichewa chathu chimatipusitsa. Werengani mawu oti "anati" m'ndime ija: alipo asanu. "Anati" akhoza kukhala munthu mmodzi yemwe tikumupatsa ulemu, akhoza kukhalanso gulu lonse. "Anati akauza amfumu": akauza ndani? Aliyense adachoka pamsonkhano akuganiza kuti ndi mnzake. Chimodzimodzi mawu monga "ikonzedwe", "zigulidwe", "tikumbe". Amamveka ngati chigamulo, koma amene akonze, agule kapena aitane anthu sakuoneka. "Pampu ikonzedwe" ndi mawu amene adagoneka pampu ija masabata atatu. Choncho mukamasanja, paliponse pomwe mwapeza mawu otere imani, mufunse kuti ndani.

Yankho likapanda kupezeka m'ndimemo, musalipeke. Ndaonapo alembi akulemba dzina la munthu yemwe akuona kuti ndiye woyenera, mwiniwake n'kudzakana pamaso pa anthu kuti sadavomerepo, ndipo amakhala akunena zoona. Imbirani wapampando, mugwirizane, kenako munthuyo auzidwe maminitsi asanatumizidwe. Zikakanika lembani poyera kuti "mwini wa ntchitoyi sadasankhidwe". Sizikoma m'maso, komabe anthu akaziona amachitapo kanthu. Ndipo "komiti" si mwini ntchito. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma ngakhale pa dengapo pamakhala mmodzi woitana anthu. Okumba ngalande akhale onse, koma lembani dzina la amene adzaitane ndi kulemba obwera.

Manambala nawo muwawerengetsere. Anthu 19 akasonkha K5,000 aliyense, ndalama ikukwana K95,000 ndendende, mtengo wa mmisiri uja. Nanga asanu osabwerawo asonkha? Akasonkha zifika K120,000, ndipo K25,000 yotsalayo iyenera kudziwika kopita. Ndime ija sikunenapo kanthu, ndipo mkangano wa mwezi wamawa wabisala pamenepa. Titafunsa wapampando adati mgwirizano unali wa mamembala onse. Mutuwo tidaulemba chonchi:

Nkhani yoyamba: Pampu. Wapampando adadziwitsa mamembala kuti pampu yawonongekanso ndipo mmisiri akufuna K95,000. Ena adapempha kufunsa mmisiri wina, koma ambiri adaona kuti nthawi yothirira yafika. Mgwirizano: mamembala onse 24 asonkhe K5,000 aliyense, yotsala ilowe m'thumba la kalabu. Ntchito: msungichuma atolere ndalama pofika pa 17 Meyi, wapampando aitane mmisiri pofika pa 20 Meyi.

M'maminitsi enieni, pambali pa udindowo lembani dzina la munthuyo. Onaninso kuti masiku ndi a pakalendala. Wapampando ndi msungichuma adachita kuwavomera, popeza pamsonkhano sadatchulidwe. "Loweruka" kapena "sabata yamawa" zimamveka lero lokha. Wowerenga pakatha mwezi sangadziwe kuti ndi Loweruka liti.

Kumapeto sonkhanitsani ntchito zonse pamalo amodzi, chifukwa ambiri amawerenga gawo lokhali. Ngati mukulemba pakompyuta mu Word, mitu muisankhire `Heading 2`, ndipo pa `Insert` musankhe `Table` ya mizati inayi: nambala, ntchito, mwini, tsiku. Pa WhatsApp tebulo silikhala bwino, ndiye ntchito iliyonse ikhale pamzere wake, dzina likhale koyambirira pakati pa nyenyezi ziwiri kuti lioneke mokhuthala:

```
*Msungichuma*: kutolera K5,000 kwa aliyense, pofika pa 17 Meyi
*Wapampando*: kuitana mmisiri wa pampu, pofika pa 20 Meyi
```

Munthu akangotsegula foni amaona dzina lake msanga. Komabe musadalire foni yokha. Mafoni amatayika, ena alibe, ndiye maminitsi akoperedwe m'buku la kalabu kapena asindikizidwe, kuti akawerengedwa ndi kuvomerezedwa pamsonkhano wotsatira wapampando ndi mlembi asainire.

Kwatsala "tidzaona" uja wa mbewu ya chimanga. Si mgwirizano, si ntchito. Alembi ambiri amangomusiya, nkhaniyo n'kufera pomwepo mpaka nthawi yodzala itakwana. Lembani kuti nkhaniyi sidathe ndipo yasiyidwira msonkhano wotsatira, kenako dzipatseni ntchito inuyo mlembi, ndi dzina lanu, yoiika pa ajenda. K38,000 ya msungichuma ndi lipoti chabe, ikhale pansi pa mutu wa zachuma popanda ntchito.

Pamsonkhano wotsatira, mukamaliza kuwerenga maminitsi, tengani mndandanda wa ntchito uja muziitana dzina limodzilimodzi: yatheka, sinatheke, chifukwa chiyani. Yosatheka ipatsidwe tsiku latsopano. Ku kalabu ija nkhani ya mbuzi idabwerera kawiri pamndandanda, ndipo ulendo wachitatu yemwe adapatsidwa ntchitoyo adafika pamsonkhano atadzera kale kwa amfumu.