Nthawi ikumatha musanatchule ndalama zomwe mukufuna

Chaka chino ndamvetsera eni mabizinesi angapo akulankhula pamaso pa anthu ofuna kuikamo ndalama, ndipo ambiri akugwera m'mbuna imodzi. Munthu wapatsidwa mphindi zitatu, m'manja wanyamula pulani ya bizinesi ya masamba 40, ndiye akuyamba kuifotokoza kuchokera tsamba loyamba. Mbiri ya kampani, masomphenya, maina a akuluakulu ake, kuthokoza amene amuitana. Belu likamalira amakhala asananene kuti akufuna ndalama zingati, azigwiritsa ntchito yanji, ndipo woperekayo apezapo chiyani.

Chizolowezi chimenechi chanditopetsa. Pulani inalembedwa kuti munthu aiwerenge atakhala pansi, akubwerera m'mbuyo pomwe sanamvetse. Womvetsera alibe mwayi umenewo. Iye pamene mukulankhula akudzifunsa ngati pali anthu amene akugula kale, ngati ndalama yake idzabwerera, komanso ngati inuyo mukuzidziwa nambala zanu. Mphindi yoyamba ikatha osamva yankho ngakhale limodzi, maso amapita pa foni. Mumataya zambiri pamenepo. Cholinga cha mphindi zitatuzo si kulandira cheke pompo, koma kuitanidwa ku msonkhano wachiwiri komwe pulani yonse idzatsegulidwe. Amene sanamve pempho lanu sangakuitaneni, ndipo miyezi yonse imene munakhalira kulemba pulani ija imangopita pachabe.

Mayi wina woweta nkhuku za mazira anandidandaulira kuti anthu a ndalama alibe chidwi ndi alimi. Nditamupempha kuti abwereze zomwe analankhula, anatha mphindi ziwiri akufotokoza momwe anayambira ndi nkhuku 50 komanso momwe chitopa chinamupululira khola lonse. Nkhani yogwira mtima ndithu. Koma chomwe chikanawadzutsa omvetsera chinali pa tsamba 27: ali ndi nkhuku 2,000, masitolo 12 amatenga mazira ake onse sabata iliyonse, ndipo masitolo ena asanu amawabweza chifukwa mazira sakukwana. Zimenezi sanazitchule n'komwe. "Ndimafuna andidziwe kaye," anatero. Ndinamuuza kuti, "Mayi, adzakudziwani akadzakuitananinso. Poyamba adziwe kuti pali ogula amene mukuwabweza."

Tinalembanso. Mawu oyamba anakhala akuti: "Sabata iliyonse ndimabweza masitolo asanu ofuna mazira chifukwa nkhuku zanga 2,000 sizikukwanitsa." Kenaka ananena zomwe amawononga pa thireyi imodzi, mtengo womwe amagulitsira ndi phindu lotsala. Mphindi yachiwiri isanathe anafika pa pempho: ndalama zomangira khola lachiwiri, kugula misoti 2,000 ndi chakudya chake mpaka itayamba kuikira. Za chitopa zinatsala chiganizo chimodzi, chonena kuti tsopano amatemera nkhuku pa nthawi yake, pakuti woika ndalama amafuna kumva kuti ngoziyo mukuidziwa ndipo mwaitchinga.

Pempho lenilenilo muzilisamala, chifukwa ngakhale amene amafikapo amalinena mwachisawawa. "Tikufuna thandizo lililonse" si pempho. Tchulani ndalama, ndipo nenani ngati ndi ngongole kapena mukugulitsa gawo la bizinesi. Tiyerekeze kuti mwapempha 10 miliyoni posinthana ndi 20 peresenti ya masheya. Womvetsera wawerengera kale kuti mukunena kuti bizinesi idzakhala ya 50 miliyoni ndalama yake ikalowa, kutanthauza kuti lero mukuiyesa ya 40 miliyoni. Ngati phindu lanu pa chaka ndi 2 miliyoni, adzakufunsani chifukwa chake agule pa mtengo woposa phindulo ka 20, ndipo mukayamba kuchita chibwibwi nkhani yathera pomwepo. Nambala iliyonse yotuluka pakamwa panu ikhale yofanana ndendende ndi yomwe ili mu pulani, poti akakapeza kusiyana amayamba kukayikira zonse.

Kalembedwe kake si kovuta. Tsekani pulani, tengani pepala limodzi, mulembe momwe mumalankhulira. Theka la mphindi yoyamba likhale la vuto la kasitomala ndi chomwe mukugulitsa, mphindi yotsatira ikhale ya umboni wakuti anthu akugula ndi momwe phindu limabwerera, kenaka pempho ndi ntchito yake. Za inu ndi anzanu ogwira nawo ntchito, ziganizo ziwiri zakwana. Werengani mokweza wotchi ili patsogolo, ndipo muzimaliza kutatsala masekondi 20, chifukwa pamaso pa anthu munthu amapunthwa kapena kudulidwa ndi funso. Mukatero lankhulani kwa munthu wosaidziwa bizinesi yanu, mumufunse kuti mukugulitsa chiyani, mukufuna zingati, ndipo iye apezapo chiyani. Akaphonya chimodzi, bwererani pa pepala mukonze pamenepo.