Sofa yonyowa musaijambule, idikireni iume

Amene mumachapa masofa ndi makapeti nkumaposita zithunzi zingapo zoswaipa pa Instagram kapena Facebook, china sofa isanachapidwe china itachapidwa, pali chinthu chimodzi chomwe chimakupangitsani kuoneka abodza ngakhale simunafune kunama. Ndi kujambula sofa ikadali yonyowa.

Nsalu ikanyowa imada mtundu ndipo imaoneka yofanana paliponse, mabanga amabisala. Ndiye ikamauma madzi omwe analowa mkati mwa siponji amakwera kubwera pamwamba atatenga litsiro lija, mawa lake kasitomala akudzuka akupeza banga la khofi lija labwereranso, mwina lili ndi mkombero wachikasu mmbali, pomwe inu mwaposita kale kuti zatheka. Chithunzi chachiwiricho chijambulidwe nsalu itaumiratu. Pa sofa nthawi zambiri ndi mawa lake, ndipo ikani dzanja mukanikize khushoni, ngati ikuzizirabe ndiye kuti sinaume.

Tsopano zithunzi ziwirizo zisasiyane china chilichonse kupatula ntchito yanuyo basi. Tiyerekeze ndi sofa yotuwa ya anthu atatu, ili ndi banga la khofi pa khushoni yapakati, thukuta ndi mafuta poika mikono, komanso kadontho ka inki. Musanayambe matani katepi pansi pomwe mwaima, muone kuti foni mwaigwira pa msinkhu wanji, komanso kamera ikhale pa `1x` kawiri konse chifukwa `0.5x` imatambasula chipinda nkuchepetsa mabanga. Onani nthawi. Ngati choyamba mwajambula 10 koloko mmawa makatani ali otsegula magetsi ozimitsa, mawa mubwere nthawi yomweyo mupange chimodzimodzi. Choyamba cha mumdima, chachiwiri dzuwa lili ngwee, ameneyo ndi windo wagwira ntchito osati inu.

Foni nayo imadzisinthira kuwala yokha, ikaona malo akuda imawalitsa. Dinani pa sikirini pomwe pakuoneka sofapo osachotsa chala mpaka foni isiye kusintha kuwala yokha, pa iPhone pamalembedwa `AE/AF LOCK`, mafoni ambiri a Android amaonetsa kaloko. Zosefera zokongoletsa zija zisiyeni, ndipo mukati muwalitse pang'ono chithunzi chimodzi, chinacho muchiwalitsenso mofanana. Nsalu yaubweya ngati veleveti ndiye yovuta, mukaisisita mbali ina imawala mbali ina imada, choncho ipeseni kulozera kumodzi musanajambule zonse ziwiri.

Momwe mungadziwire kuti zasokonekera, musayang'ane sofa, yang'anani khoma ndi pansi. Khoma simunalichape. Ngati pa chithunzi chachiwiri layera kuposa pa choyamba ndiye kuti kuwala kwasintha, jambulaninso. Anthu ochenjera amayang'ana pomwepo.

Kasanjidwe kake, pa sofa yathu ija zithunzi 5 zakwana ngakhale Instagram imalola mpaka 20. Choyamba muike ziwirizo pamodzi mbali ndi mbali, chachiwiri sofa yonse isanachapidwe, chachitatu sofa yonse itauma, chachinayi khushoni ya khofi ija pafupi. Zonse zikhale saizi imodzi, monga 4:5, kuti china chisadulidwe mosiyana ndi chinzake. Pa chithunzi chilichonse lembani pomwepo kuti "isanachapidwe" kapena "itauma, patapita maola 24", popeza anthu amatumizirana chimodzi chokha pa WhatsApp ndipo mawu a pansi aja satsatira.

Chachisanu ndi chomwe ambiri amachithawa, kadontho ka inki kaja. Katuwa koma sikanachoke konse. Musakabise ndi pilo, musakadule pa chithunzi, kaonetseni pafupi nkulemba kuti inkiyi inakhalitsa ndiye yangochepa. Ine ndimaona kuti chithunzi chimenechi ndi chomwe chimapangitsa munthu kukhulupirira zinayi zoyambazo, komanso chimakuchotserani mkangano ndi kasitomala wotsatira amene akubwera ndi inki yake akuyembekeza zozizwitsa. Pomwe panadonthera bulitchi ndiye nenani mosabisa kuti palibe chochapa, utoto wa nsalu unapita.

Mawu a pansi akhale a zomwe zinachitikadi, nsalu yake ndi yotani, munabwereza kangati pa bangalo, zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mawu oti "yabwerera ngati yatsopano" kapena "banga lililonse timachotsa" asiyeni. Ndipo ngati iyi ndi ntchito yomwe inatuluka bwino kuposa zonse mwezi uno, nenani kuti si sofa iliyonse imafika apa, kapena nthawi zina muziposita ntchito yapakatikati.

Musanaposite mufunseni mwini nyumba, akuvomereni pa meseji kuti pakhale umboni, ndipo onetsetsani kuti zithunzi za ana pakhoma, makalata pa tebulo kapena chilichonse chosonyeza nyumba yake sichikuoneka. Zimenezo mukhoza kuziphimba pa chithunzi, koma pa sofa penipenipo musakhudzepo.