Mango asanu ndi awiri papepala

Pamapepala a kuphatikiza a mwana wanga wa Sitandade 1 ndinkajambula mango obalalika, iye n'kumawerenga bango lina kawiri. Ndinazindikira vutoli nditaona 5 + 2 akuyankha 8, chala chikubwerera pa bango lomwe wadutsapo kale. Mtima unandipweteka, chifukwa kuwerenga amakudziwa.

Tsopano ndimajambula m'mizere ya zinthu zisanuzisanu, ngati zala za dzanja limodzi. Mango asanu pamwamba, awiri pansi. Bango lililonse akaliwerenga amaikapo njere ya chimanga, ndiye sangalibwereze.

Kenako ndinayamba kuphimba mzere wapamwamba ndi chikhatho n'kumuuza kuti, “Muno muli asanu, pitiriza.” Amati sikisi, seveni. Mayankho sindikupitiriza 10 pakadali pano, poti akasokonezeka amatsimikizabe ndi zala, ndipo sindimuletsa.