Momwe mungasamutsire chojambula cha pabolodi loyera kupita mukompyuta

Tiyerekeze kuti pamsonkhano wa alimi a kachewere ku Bembeke, alangizi ajambula pabolodi loyera ulendo wa mbatata kuchokera kumunda kukafika pamsika wa Lizulu. Pali mabokosi 6 ondondozana: kukumba, kusankha, sikelo, nkhokwe, galimoto, msika. Wina watola chithunzi pafoni, ndipo inu mwapemphedwa kuti muchikonze chioneke bwino.

Choyamba, pemphani kuti chithunzicho akutumizireni pa WhatsApp ngati Document. Akachitumiza mwachizolowezi chimachepetsedwa, ndipo timalemba ting'onoting'ono timafufutika.

Musathamangire kompyuta. Tengani pepala, patsani bokosi lililonse nambala, kenako lembani muvi uliwonse pamzere wakewake: 1 kupita ku 2, 2 kupita ku 3, mpaka yonse ithe. Apa ndiye pagona ntchito. Pa chojambula chathuchi mivi yowongoka ilipo 5, koma palinso wofiira wochokera kunkhokwe kubwerera pa kusankha, kutanthauza kuti matumba omwe ayamba kuola amasankhidwanso. Wina ndi wodukizadukiza, wochoka pasikelo kulunjika kumsika, wa alimi ogulitsa okha osadzera kunkhokwe. Yonse pamodzi ndi 7. Mukaiwala wofiirawo, kapena wodukizawo mukaujambula wathunthu, chojambula chidzakongola ndithu koma chizinena zomwe alimi sanagwirizane. Mawu ovuta kuwerenga musalote, imbirani amene analemba.

Tsopano tsegulani draw.io, pulogalamu yaulere yomwe mukaiika mukompyuta imagwira ngakhale opanda bandulo. Lowetsani chithunzi kudzera pa Arrange > Insert > Image. Pa View > Layers onjezani gawo lina pamwamba, ndipo la chithunzilo likhomeni ndi kaloko kuti lisamasunthe. Ikani mabokosi pamwamba penipeni pa akale. Chomwe chinali kumanzere chikhale kumanzere, chifukwa anthu amakumbukira malo. Ngati mawu oti "ngongole ya feteleza?" anali okha pakona, asiyeni pomwepo ndi chizindikiro chake chofunsa, poti nkhaniyo sinathe.

Pokoka muvi, uponyeni pabokosi pomwe m'mphepete mwake mwasanduka buluu. Kuti mudziwe ngati wagwira, sunthani bokosilo pang'ono. Muvi ukatsala m'mbuyo ndiye kuti wangogunda chabe, ukokeninso. Mukatha, sankhani mabokosi onse n'kuwawongola ndi Arrange > Align.

Bisani chithunzi chija, muwerenge: mabokosi 6, mivi 7, mitu yonse yaloza komwe pepala lanu likunena. Ngati mudzasindikiza ndi inki yakuda yokha, lembani "zoola" pambali pa muvi wofiira, apo ayi udzafanana ndi inzake. Tulutsani pa File > Export as > PDF, sungani fayilo ya .drawio kuti mudzathe kusintha, ndipo alangizi aione limodzi ndi chithunzi choyambacho musanatumize pagulu.