Mmene ndinasinthira nsapato pa chithunzi osakhudza chovala

Mchemwali wanga anajambulitsa chithunzi cha thupi lonse pa ukwati ku Namiwawa, atatchena diresi ya chitenje koma kumapazi kuli mapatapata, poti nsapato zinamuluma. Anandipempha kuti ndimuveke zagogoda.

Pulogalamu ya pafoni imene ndinayamba kuyesa inasintha maluwa a chitenjecho, diresi n'kufupika. Kumata nsapato za pa chithunzi china nakonso kunakanika, ankaoneka ngati akuyandama.

Ndiye ndinamuveka nsapato zenizenizo n'kumujambula miyendo yokha panja, dzuwa likuchokera kumanzere monga pa chithunzi choyamba, foni ili potalika chimodzimodzi. Mu GIMP, pulogalamu yaulere ya pakompyuta yosinthira zithunzi, ndinaika chithunzi chatsopanocho pamwamba pa choyambacho, n'kusankha Add Layer Mask yakuda, yomwe imabisa chapamwambacho. Kenako ndinapenta ndi burashi yoyera kuyambira mu akakolo kutsika, osafika pa mpendero wa diresi, poti poyera m'pamene chatsopanocho chimaonekera. Chomwe sunapente sichisintha.

Chimene chinathetsa kuyandama ndi mthunzi. Gogoda imakweza chidendene, choncho mthunzi wa mapatapata sugwirizana nayo. Ndinafufuta wakalewo ndi Clone, chida chokopera mbali ina ya chithunzi n'kumata pena, n'kupenta wina wakuda pansi pa soli, Opacity pa 40, wothina pomwe nsapato yagunda simenti. Zinanditengera ola limodzi, osalipira kanthu.