Momwe mungatsatire timanambala ta pa Wikipedia mpaka kufika pagwero lenileni

Mukamawerenga nkhani pa Wikipedia mumaona timanambala ting'onoting'ono kumapeto kwa ziganizo. Kalikonse kamaloza buku, nyuzipepala kapena chikalata chimene wolemba anatengako mfundoyo. Tiyeni tiyesere pa nkhani ya John Chilembwe, poti Januwale aliyense aphunzitsi ndi atolankhani amaisakasaka. Tsegulani ya Chingerezi, ndiyo ili ndi maumboni ochuluka.

Musayambe ndi kuwerenga mndandanda wonse wa m'munsi, mungotopa nawo. Sankhani mfundo imodzi imene mukuifunadi, monga yakuti kuukira kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo dinani kanambala kake. Pafoni mitu imakhala yopindidwa, ndiye mutsegule `References`. Nthawi zambiri mupezapo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba basi. Dzina lonse la buku lili m'munsi mwake, pa `Sources` kapena `Bibliography`. Lembani zonsezi papepala. Pamene palembedwa `citation needed` ndiye kuti palibe amene waikapo umboni, mfundoyo isiyeni kaye.

Tsopano yang'anani kuti gwerolo ndi lamtundu wanji. Pa Chilembwe dzina limene simungalilambalale ndi la George Shepperson ndi Thomas Price, amene buku lawo, Independent African, linatuluka mu 1958. Ndi buku lodalirika, komabe olembawo sanaone nkhondoyo ndi maso awo. Iwonso ali ndi timanambala tawo, ndipo ndi timeneto timene timakufikitsani ku zolembedwa za nthawi yomweyo: kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya azungu, ndi lipoti la bungwe lofufuza za kuukirako limene boma la atsamunda linatulutsa mu 1916.

Apa ndi pamene ndinapunthwa, ndiye ndikhalapo pang'ono. Ndinkafuna mawu amene Chilembwe akuti anauza anthu ake asanaukire, aja akuti amenye kamodzi kenako afe. Ndinawapeza pamasamba angapo a pa intaneti, onse ofanana mpaka mipumiro yomwe, ndipo ndinati umboni wakwana. Ayi ndithu, ankangokoperana. Masamba khumi okopera malo amodzi ndi mboni imodzi yokha. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina tsamba limakopera Wikipedia, kenaka wina n'kudzaliika pa Wikipedia pomwepo ngati umboni. Njira yogwirira zimenezi ndi kuyerekeza masiku. Dinani `View history`, tsegulani nkhaniyo momwe inalili kale, muone ngati chiganizocho chinalipo tsamba linalo lisanalembedwe. Ngati chinalipo, tsambalo litayeni.

Nditatsata bwinobwino ndinafika pa George Simeon Mwase. Iye analemba za Chilembwe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, ndipo zolemba zakezo anazisindikiza Robert Rotberg mu 1967 pamutu wakuti Strike a Blow and Die. Mwase panalibe pamsonkhano umene akuti Chilembwe anayankhula mawuwo. Anachita kumva kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe, amene anakumana naye kundende ya Zomba. Sindikunena kuti mawuwo ndi abodza. Koma polemba muyenera kunena kuti "malinga ndi Mwase", osati ngati panali wina amene ankalemba Chilembwe akuyankhula. Lipoti la 1916 nalonso muliwerenge mukukumbukira kuti analilemba ndi boma lomwe ankaliukiralo.

Kupeza bukulo ndiye kumadya bandulo. Yambani ndi `archive.org`, lembani dzina la buku, ndipo ngati lilipo mutha kufufuza mawu m'kati mwake osatsitsa lonse. Nkhani za m'magazini a maphunziro, kuphatikizapo Society of Malawi Journal, zili patsamba la pa intaneti la JSTOR, ndipo mukalembetsa mwaulere amakulolani kuwerenga zingapo pamwezi. Chenjerani ndi masamba amene amalonjeza buku lonse koma n'kuyamba akufunsani nambala ya khadi yakubanki, komanso anyamata aja ogulitsa mabuku pa WhatsApp. Mumatumiza ndalama, n'kulandira masamba makumi awiri osaoneka bwino, tsamba limene mumalifunalo mulibe.

Mukalipeza, pitani patsamba lenilenilo muwerenge ndime yonse, muone ngati ikunenadi zimene Wikipedia yanena. Tsamba likapanda kugwirizana, mwina buku lanu ndi losindikizidwa chaka china, fufuzani ndi mawu. Linki ikakhala yakufa, imateni pa `web.archive.org`, pamene amasungapo masamba akale a pa intaneti. Zikakanika zonsezi, kwerani minibasi: ku National Archives ku Zomba kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Yambani mwafunsa masiku otsegulira musanawononge thiransipoti.