Ndalama yomaliza ndi makiyi zizisinthana tsiku limodzi

Mukamagula nyumba molipira pang'onopang'ono, musathamangire kusaina chifukwa choti mtengo mwagwirizana. Mikangano yambiri imabadwira pa ndime zitatu za pangano: ya kalipiridwe, ya tsiku lolowa m'nyumba, ndi ya chindapusa cha wochedwa.

Tiyerekeze kuti nyumbayo muli munthu wochita lendi, ndipo mwapangana kulipira katatu. Polemba, gawo lililonse limangiriridwe pa chinthu chimene mungachione ndi maso. Gawo loyamba, 10 pa 100 iliyonse, liperekedwe posaina. Lachiwiri, 40 pa 100, lidikire mpaka loya wanu atafufuza ku ofesi yosunga mapepala a malo n'kupeza kuti wogulitsayo ndi mwiniwakedi komanso kuti nyumbayo si chikole cha ngongole. Theka lotsalalo mulisunge kufikira tsiku limene akukupatsani makiyi ndi mapepala osinthira umwini atasainidwa. Mukangolemba miyezi yolipirira popanda zimenezi, mudzamaliza ndalama zonse wogulitsa asanachite kanthu, ndipo simudzatsala ndi chomukakamizira.

Ndime ya tsiku lolowa ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri. Mawu ngati "posachedwapa" kapena "walendi akatuluka" afafanizeni, chifukwa munthu sangachedwe pa tsiku limene silinatchulidwe. Lembani deti, mwezi ndi chaka, ndipo muonjezere kuti nyumba iperekedwe mulibe munthu kapena katundu, mabilu a madzi ndi magetsi atalipiridwa mpaka tsikulo. Udindo wopereka notisi kwa walendi ukhale wa wogulitsa. Dziwaninso kuti kulandira makiyi si kukhala mwini, choncho kusintha dzina pa mapepala kukhale ndi tsiku lakelake.

Chindapusa chiziwerengeka mosavuta. Tengani lendi ya mwezi ya nyumba yofanana nayo, muigawe ndi 30, ndiye chindapusa cha tsiku limodzi. Wogulitsa akachedwa masiku 45 ndiye kuti ali nanu ngongole ya lendi ya mwezi ndi theka, ndipo pangano linene kuti mudzaichotsa pa ndalama yomaliza ija. Musachikweze mopitirira pofuna kumuopseza: m'maiko ambiri khoti limatha kukana kapena kutsitsa chindapusa choposeratu zimene munthu waluzadi.

Ikaninso malire. Mwachitsanzo, pakadutsa masiku 60 mumulembere kalata yomupatsa masiku 14, ndipo akalepherabe pangano lithe, ndipo pofika tsiku lotchulidwa akubwezereni zonse zimene munalipira.

Mbali yanu muiwerengenso mofatsa, poti nanunso mukhoza kuchedwa, makamaka ngati mukudikira ngongole ya ku banki. Mukaona ndime yoti kuphonya gawo limodzi kukuluzitsani zonse zimene munalipira kale, pomwe ya kuchedwa kwa wogulitsa palibe, musasaine. Pemphani masiku ochenjezedwa ofanana ndi ake, ndipo zilembedwe kuti pangano likatha chifukwa cha inu, chimene angasunge ndi dipoziti yokha.